Pampu yatsopano koma thanki osadzadza: mmene tinasayizira pampu ya sola pa dimba la kalabu ku Balaka

Iyi ndi nkhani ya kalabu ina ya alimi a tomato ndi masamba m'boma la Balaka, ndipo ndikuilembera makamaka anzanga amene timayika mapampu a sola, chifukwa vuto lawo ndi lomwe tikumakumana nalo pafupifupi paliponse pamene anthu agula pampu poyang'ana chomata chapabokosi basi. Kalabuyi ili ndi mjigo wakuya mamita 48, dimba la masikweya mita 1,500, thanki ya malita 5,000 pa sitandi, komanso mabanja 25 oyandikana nawo amatunga pa mpopi womwewo. Mu Epulo anasonkha ndalama n'kugula pampu ndi mapanelo awiri a mawatsi 200 lililonse pa shopu ina, munthu wina n'kuwayikira. Masabata oyamba madzi ankafika, osati ambiri koma ankafika, ndiye aliyense anali wokondwa. Pofika Ogasiti thanki inasiya kudzadza, ndipo mu Okotobala, nthawi imene tomato akufuna madzi kwambiri, madzi ankangotuluka kuyambira cha m'ma 10 koloko mpaka m'ma 1 koloko, kenako zii. Amayi anabwerera kumakeni.

Nditafika ndinapeza komiti yagawikana kale. Ena amati pampuyo ndi feki, ena amati mjigo ukuphwa, a Tcheya iwo anali atamanga kale mfundo yoti agule pampu ina yaikulu. Chomata cha pa pampu chinali chotere:

```
Max flow 3 m³/h
Max head 45 m
400 W
```

A Tcheya anandilozera n'kuti, "Aphiri inu, taonani apa, akuti malita 3,000 pa ola komanso imakweza mamita 45, ife thanki yathu siili kutali choncho, nanga vuto lili pati?" Funso labwino ndithu, ndipo yankho lake ndi loti manambala awiri amenewo sachitika nthawi imodzi. Malita 3,000 pa ola amatuluka pamene pampu sikukweza madzi ngakhale pang'ono, ndipo mamita 45 ndi pamene madzi amangofika n'kuima, osatulukanso ngakhale dontho. Ntchito yeniyeni imachitika pakati apo, ndipo kuti udziwe kuti pakati pake ndi pati uyenera kukhala ndi zinthu zitatu m'manja: madzi amene akufunika pa ola, hedi yonse imene pampu ikulimbana nayo, kutanthauza mamita onse okweza madzi kuphatikiza otayika mu paipi, ndi efishensi ya pampuyo pamalo pamenepo. Pa zitatuzi palibe ngakhale chimodzi chimene chinayezedwa asanagule.

Ndisanakhudze chilichonse ndinayamba ndayeza pampu yakaleyo ili pantchito, dzuwa lili paliwombo. Bigiri ya malita 20 pakamwa pa paipi yolowa mu thanki inadzadza mu mphindi 2 ndi theka, kutanthauza malita 480 pa ola. Pa waya wochokera ku mapanelo mita inaonetsa mavoti 64 ndi ma ampu 4.5, omwe ndi mawatsi 288. Onani apa, mapanelo olembedwa 400 akupereka 288 masana enieni, ndipo sikuti ndi owonongeka ayi, panelo ikatentha ndi dzuwa la Okotobala komanso ili ndi kafumbi imatsika choncho. Dipa, chingwe choyezera pamene madzi ali, inaonetsa kuti madzi mu mjigo anali pa mamita 14 m'mawa pampu isanayambe, n'kutsika kufika 17 ikupopa.

Msinkhu wochokera pa mjigo kukafika pa thanki ndi umene unadabwitsa anthu. Ukaima pa mjigo malowo amaoneka ngati ndi fulati, koma thanki ili mamita 180 kumtunda, ndipo titayenda ndi kapaipi kamadzi kaja kamene amisiri omanga amapezera levulo, sitepe ndi sitepe, tinapeza kuti nthaka yakwera mamita 9. Sitandi ndi mamita 4, thanki yokha mamita 2 mpaka polowera madzi, ndiye pamwamba pa nthaka pokha pali mamita 15. Foni musaidalire pa msinkhu, imatha kuphonya ndi mamita angapo, ndipo pa ntchito ngati iyi mamita 5 ndi nkhani yaikulu. Ine ndimakonda kutsimikiza ndi geji ya presha pamutu pa mjigo: paipi ili yodzadza pampu itazima, geji inaima pafupi ndi 1.5 bar, ndipo 1 bar ndi pafupifupi mamita 10 a madzi, ndiye zinagwirizana.

Tikaphatikiza 17 ndi 15, n'kuonjezera mamita ngati 3 otayika mu paipi pa fulo yochepayo, pampu yakale imalimbana ndi mamita 35. Mphamvu imene imalowa m'madzi timaipeza chonchi:

```
P (W) = 2.725 × Q (m³/h) × H (m)
```

2.725 yo siyochokera kumwamba, ndi kulemera kwa madzi 1,000 kuchulukitsa ndi 9.81 kugawa ndi masekondi 3,600 a mu ola limodzi. Tikaika 0.48 ndi 35 tikupeza mawatsi 46. Pampu ikudya 288, m'madzi mukulowa 46 basi, efishensi ya 16 peresenti. Apa mpamene nkhani inatembenukira, chifukwa zinaoneka poyera kuti mjigo sunaphwe, madzi ali pa 17 pamene pansi ndi pa 48, komanso pampu siyakufa, ikungogwira ntchito kumapeto kwenikweni kwa mphamvu zake. Inali ya mtundu wa sentirifugo, ija ya ma impela, ndipo mtundu umenewu liwiro likatsika hedi imagwa kwambiri, ikatsika liwiro ndi 10 peresenti hedi imatsika pafupifupi 20 peresenti. Ndiye m'mawa ndi madzulo dzuwa likafooka inkazungulira ndithu, ukaika khutu pa paipi umaimva, koma madzi amathera m'njira osafika pa thanki. Za Epulo zija nazonso zinamveka: mvula itangotha kumene madzi mu mjigo amakhala ali pamwamba, anthu akale pamalopo amati chingwe cha mamita 8 chinkawapeza, ndiye mamita 6 amene anatsika ndi chilimwe ndi amene anaimaliza.

Titatero tinakhala pansi kuyamba sayizing'i kuchokera pachiyambi, ndipo poyambira si pampu, ndi madzi ofunika pa tsiku. Pa dimba ndinagwiritsa malita 5 pa sikweya mita iliyonse pa tsiku nthawi yotentha, ndiye 1,500 kuchulukitsa ndi 5 ndi malita 7,500. Mabanja 25, tikati anthu 5 pa banja ndipo aliyense malita 20, ndi malita 2,500. Zonse pamodzi malita 10,000 pa tsiku. Pampu ya sola siigwira maola 10 ndi mphamvu yofanana ngakhale dzuwa likhale likuoneka tsiku lonse, ndiye timatenga dzuwa lonse la tsikulo ngati kuti ndi maola ochepa a dzuwa lamphamvu, ndipo kuno kwathu ine ndimawerengera 5. Malita 10,000 kugawa ndi 5 ndi malita 2,000 pa ola.

Funso lotsatira, limene ambiri timalidumpha chifukwa limafuna jenereta ndi mafuta, ndi loti kodi mjigowo ungapereke malita 2,000 pa ola, ndipo ukamapereka madzi amatsika kufika pati. Pepala la obowola, limene amayi msungichuma anali atasunga bwino mu pulasitiki, linati mjigo umapereka malita 0.8 pa sekondi, omwe ndi pafupifupi 2,900 pa ola. Ine sinditenga zonse, ndimasiya ngati 30 peresenti, ndiye malire anga anali cha pa 2,000, ndendende pamene timafuna, popanda malo ambiri osewerera. Popeza mayeso a obowola anachitika kale komanso nyengo ina, ndinauza komiti kuti tibwereke pampu ya jenereta tipope tokha. Anadandaula za ndalama ya petulo, zomveka, koma ndinawauza kuti popanda nambala imeneyi ndikhala ndikulota, ndipo kulota kunawadyera kale ndalama kamodzi. Tinatsekera valavu mpaka bigiri izidzadza mu masekondi 36, n'kupopa maola 6 tikuponya dipa pafupipafupi. Madzi anatsika msanga ola loyamba, kenako pang'onopang'ono, n'kukhazikika pa mamita 27. Tinatungako mu bigiri yoyera n'kuisiya kuti idikhe, pansi pake panalibe mchenga woti n'kuutola ndi zala.

Mamita 27 amenewo ndi amene amalowa mu hedi, osati 14 a m'mawa, komanso osati kuya kumene pampu yapachikidwa. Apa ndikuona anzathu ambiri akusokoneza. Ife pampu tinaganiza zoipachika pa mamita 36, pamwamba pa mapaipi obowoka a mjigo omwe pepala linati akuyambira pa 39, kuti ikhale ndi madzi okwanira pamwamba pake koma isamakoke zinyalala zapansi. Mamita 9 amene pampu yamira m'madzi sawerengedwa ngati okweza, chifukwa madzi omwewo akuikankhira kale, kutalika kwa paipiyo kumangolowa pa zotayika za mu paipi basi. Ndiye kukweza kwenikweni ndi 27 kuonjezera 9 a kukwera kwa nthaka kuonjezera 6 a sitandi ndi thanki, mamita 42.

Tsopano za paipi, ndipo apa mpamene tinakangana kwambiri. Paipi yakale yonse inali yakuda ija ya mamilimita 25. Pa malita 480 pa ola siinkavuta kwenikweni, koma ukakankhamo malita 2,000 pa ola madzi amathamanga pafupifupi mamita 1.7 pa sekondi, ndipo umataya mamita ngati 18 a hedi pa mamita 100 alionse a paipi. Pa mamita 180 ndi mamita 32 otayika, ngati kuti thanki mwaikweza pamwamba pa mtengo wina wautali kwambiri popanda chifukwa. Ya mamilimita 32 imataya ngati 5.5 pa 100, ya 40 imataya osafika 2 pa 100. Manambalawa amasinthako pang'ono malinga ndi kukhuthala kwa paipi, ndiye onani tebulo la kalasi imene mwagula, koma kusiyana kwake n'kwakukulu choncho. Ndinasankha ya 40 pamtunda, yomwe ikutaya mamita 3, ya 32 mkati mwa mjigo, mamita 2 pa kutalika kwa 36, ndi mita imodzi ya ma elibo, valavu ndi mita ya madzi. Zotayika zonse 6, hedi yonse 48.

A Tcheya sanafune kumva zokumbanso ngalande. Anati, "Paipi ija n'jatsopano, sinathe n'chaka chomwe, ingogulani pampu yamphamvu ikankhe." Sindinawatsutse ndi pakamwa, ndinangolemba masamu onse awiri pa pepala limodzi iwo akuona, hedi ya paipi ya 25 ikufika 77 chifukwa pamtunda ikutaya mamita 32 m'malo mwa 3.

```
paipi 40 mm: 2.725 × 2 × 48 = 262 W
paipi 25 mm: 2.725 × 2 × 77 = 420 W
```

Kenako mphamvu ya m'madziyo timaigawa ndi efishensi ya pampu, mota ndi kontirola pamodzi, kuti tipeze mawatsi amagetsi amene akufunika, ndipo amenewo timawagawanso ndi 0.75 chifukwa cha kutentha kwa mapanelo, fumbi ndi mawaya. 0.75 yo sitinaitole m'buku mokha, tinaiona ndi maso pamalo pomwepo, 288 pa 400 ndi 0.72. Ndi pampu ya efishensi 55 peresenti, njira ya paipi ya 40 ikufuna mawatsi 476 pa pampu ndi mapanelo a mawatsi 635. Njira yosunga paipi yakale ikufuna mawatsi 763 ndi mapanelo opitirira 1,000, kuphatikiza pampu ndi kontirola zazikulu, zonsezo kungolipira kukhulana kwa madzi ndi paipi tsiku lililonse. Amayi msungichuma ndi amene anadula nkhani, anati, "A Tcheya, ngalande tikumba tokha ndi makasu athu, koma mapanelo sitingawumbe." Anagwirizana zosintha paipi, yakale ija anaidula kukhala mizere yogawira madzi m'mabedi, komwe imakwanira bwinobwino.

Efishensi ya 55 ija ndiifotokoze bwino, chifukwa si nambala yongoika kuti masamu akome. Ndinatenga makevu a mapampu awiri kwa ogulitsa, tchati chija choonetsa fulo, hedi ndi mawatsi, n'kupeza pamene mzere wa mamita 48 ukukumana ndi malita 2,000 pa ola, n'kuwerenga mawatsi amene pampu ikudya pamenepo. Ya sentirifugo imadya cha m'ma 650, ndiye 262 kugawa ndi 650 ndi 40 peresenti, ndipo ikanafuna mapanelo a mawatsi ngati 870. Ya helikali, ija ili ndi chitsulo chopotoka chozungulira mkati mwa labala, imadya cha m'ma 480, yomwe ndi 55 peresenti ija. Wogulitsa amene alibe kevu ya pampu yake ine sindimugula, ngakhale atchipitse bwanji, chifukwa ndiye kuti efishensi ndilibe pomwe ndingaipeze. Ndinasankha helikali pa zifukwa ziwiri kuonjezera pa mapanelo ochepa: imakankha madzi mpaka pa thanki ngakhale ikuzungulira pang'onopang'ono, ndiye imayamba m'mawa n'kumaliza mochedwa, komanso hedi ikasintha ndi nyengo fulo yake siigwa kwambiri. Choipa chake ndi mchenga, umadya labala ija msanga, ndipo mayeso a bigiri akanaonetsa mchenga ndikanapita ku sentirifugo n'kuvomera kugula mapanelo ambiri.

Mapanelo tinaika atatu a mawatsi 260, onse 780, kuposa 635 ya masamu ndi pafupifupi kota, kuti masiku a mitambo asamagwe kwambiri. Tinawalumikiza motsatana, lililonse lili ndi Voc, mavoti a panelo pamene siikuyendetsa kanthu, ya 38, onse 114, ndipo m'mawa wozizira wa Juni amatha kukwera kufika cha m'ma 120, pamene kontirola imalola mpaka 150, ndiye tinali bwino. Musaiwale kuyang'ana zimenezi, kontirola zambiri zimapsa m'mawa kukuzizira osati masana. Mapanelowo anayang'ana kumpoto, opendekeka madigiri ngati 15. Ena amafuna tiphatikizepo awiri akale aja mu mzere womwewo, ndinakana, chifukwa mu mzere umodzi ma ampu amatsata panelo yofooka, ndiye atsopanowo akanabwezedwa m'mbuyo. Popeza mapanelo ochulukirapo akanatha kuthamangitsa pampu kupitirira zimene mjigo ungapirire masana, tinachepetsa liwiro pa kontirola kuti isadutse malita 2,200 pa ola, n'kuika sensa yozimitsa pampu madzi akatsika kwambiri, ndi fuloti switchi mu thanki.

Tsiku loyatsa bigiri inadzadza mu masekondi 33 masana, geji pamutu pa mjigo inali pafupi ndi 1.9 bar, zomwe zikugwirizana ndi mamita 15 kuonjezera 4 otayika pamtunda, ndipo dipa inaima pa 28. Madzi ankafika pa thanki isanakwane 8 koloko. Mita ya madzi masiku oyamba inkaonetsa pakati pa malita 10,000 ndi 11,000 pa tsiku, chifukwa nthawi imeneyo anthu anali pa dimba tsiku lonse kupulumutsa tomato amene anali atafota.

Patapita masabata angapo anaimba kuti madzi achepanso, mita ikuonetsa cha m'ma 7,500. Mlembi wa kalabu ankalemba mita tsiku ndi tsiku mu kope monga ndinawapemphera, ndipo kope limenelo ndi limene linatithandiza. Fulo ya masana inali yatsikako pang'ono chabe chifukwa cha fumbi pa mapanelo, titapukuta inabwerera. Vuto lalikulu linali lina: anthu anali atabwerera ku chizolowezi chothirira madzulo okha, ndiye thanki ya 5,000 inkadzadza cha m'ma 11 koloko, fuloti n'kuzimitsa pampu, n'kukhala chete maola amene dzuwa lili lamphamvu kwambiri, kudzayakanso madzulo anthu atatsegula mipopi dzuwa litapendeka. Masamu a malita 10,000 pa tsiku amagwira ngati madziwo ali ndi kopita nthawi imene akupopedwa. Tinagawa mamembala m'magulu awiri, ena kuthirira m'mawa cha m'ma 9 mpaka 11, ena madzulo, ndipo mita inabwerera pamwamba pa 10,000 sabata yomweyo. Atagulitsa tomato anaonjezera thanki ina ya 5,000 pambali pa yoyamba pa msinkhu womwewo, kuti hedi isasinthe.

Mu Juni ndi Julayi wotsatira, masiku a mitambo ndi chiperoni, kope linaonetsa malita 6,500 mpaka 7,000, koma nthawi imeneyo mbewu sizimwa kwambiri ndiye sanasowe madzi. Sensa ya mu mjigo sinazimitsepo pampu mpaka Okotobala winayo, ndipo dipa masana inkaima pakati pa 28 ndi 29, zomwe zikusonyeza kuti mjigowo uli pafupi ndi malire ake. Ndinawauza poyera kuti akafuna kukuza dimba asaganize zoonjezera mapanelo kapena kutsegula liwiro pa kontirola, ayambe aganiza za dripi kapena chitsime china.

Pampu yakale ija sitinaitaye. Mmodzi wa mamembala ali ndi chitsime chokumba pamanja ku dambo, madzi ali pa mamita 5, kathanki kake pafupi, hedi yonse ngati mamita 12. Tinaipachika mmenemo ndi mapanelo ake awiri omwewo ndi paipi yaifupi ya 32, ndipo masana bigiri imadzadza mu masekondi osafika 40. Chitsimecho chimaphwa akapopa kopitirira ola limodzi, ndiye tinamuikira sensa nayenso, amapopa m'mawa n'kudikira chidzadze, kenako n'kupopanso masana.